Kumasulira mawu a zinthu ziwiri a m'Chiheberi ndi m'Chiarabu

"Chiheberi ndi Chiarabu zili ndi mathero apadera osonyeza zinthu ziwiri. Kodi pomasulira m'Chichewa ndizilemba 'awiri' paliponse?"

Ayi, osati paliponse. Pa mawu a nthawi nambala ndi gawo la uthenga: yomayim ndi "masiku awiri", ndipo mukangolemba "masiku" mwataya kanthu, chifukwa masiku ambiri m'Chiheberi ndi yamim. Koma pa ziwalo zokhala ziwiriziwiri, yadayim ndi "manja" basi. Umboni uli pa Yesaya 6:2, pamene mawu akuti kenafayim, ngakhale ali ndi mathero omwewo a zinthu ziwiri, akunena mapiko asanu ndi limodzi a mserafi aliyense, osati awiri.

Chiarabu ndiye chimasonyeza uwiriwu ngakhale pa mneni, choncho dhahabā ine ndimamasulira "awiriwo anapita" koyamba kokha, kenako ndimangoti "anapita", kufikira munthu wachitatu atalowa m'nkhani n'kuyamba kusokoneza owerenga.