Mutu wa imelo ya invoisi, muziulemba bwanji kuti isasowe

"Anzanga thandizeni, ndikatumiza invoisi pa imelo makasitomala ena amati sanaione, ena amakaipeza ku sipamu. Pa mutu ndimangolemba Invoice attached. Ndikulakwitsa pati?"

Achimwene, vuto lalikulu ndi mutu umenewo. Mawu awiri amenewo ndi omwenso akuba a pa intaneti amakonda kulemba akafuna kuti munthu atsegule fayilo ya vairasi, ndiye wa ku akaunti akaona mutu wopanda dzina, wopanda nambala, mtima umamuuza kuti ayi izi ndi zija, amangodutsa kapena kufufuta kumene. Komanso tangoganizani munthu amene amalandira ma invoisi ambirimbiri pa sabata ndipo theka lake mutu ndi womwewo, yanuyo aidziwa bwanji?

Ine mutu wanga umakhala ndi zinthu zinayi basi, nambala ya invoisi, dzina la bizinesi yanga, nambala ya oda yawo ngati anandipatsa, ndi tsiku lomaliza kulipira. Umaoneka chonchi, pamene pali DZINA mpamene muike dzina la bizinesi yanu:

```
Invoice INV-0412 - DZINA - PO 7731 - due 30 Jun
```

Nambala ndi dzina zikhale kutsogolo chifukwa pa foni mutu umadulidwa, zimaoneka ndi zilembo 30 kapena 40 zoyambirira zokha, ndiye mukayamba ndi moni wautali zofunikazo zimabisika. Mwezi lembani ndi mawu, 03/04 wina awerenga 3 Epulo wina 4 Malichi, mudzakangana zaziii. Ndalama ine sindiika pa mutu, chifukwa mutu umatulukira pa sikirini ya foni ngakhale ili yokiya ndipo aliyense ali pafupi amawerenga. Ena amaika, zili kwa inu, koma ine ayi.

Koma pomwe ndikufuna mumvetsetse ndi pa nambalapo. Muziilemba chimodzimodzi paliponse, pa mutu, mkati mwa imelo, pa invoisi yeniyeniyo ndi pa dzina la fayilo. Gmail imasaka mawu athunthu, siisaka chidutswa cha mawu, ndiye ngati pa mutu munalemba 0412 wina nkusaka 412 sapeza kanthu. Ine zinandichitikira, kasitomala wina anachedwa kundilipira pafupifupi mwezi wathunthu, pa pepala ndinalemba nambala mwanjira ina pa imelo mwanjira inanso, mayi wa ku akaunti kwawo anasakasaka osaipeza mpaka anaganiza kuti sindinatumize nkomwe. Sikuti ankandizemba, kulakwa kunali kwanga. Pano munthu akati sanaione ndimangomuuza pa foni kuti alembe izi mu bokosi losakira la Gmail:

```
subject:INV-0412 has:attachment
```

Ikapanda kutuluka awonjezere `in:anywhere` chifukwa kusaka wamba kwa Gmail sikulowa mu Spam ndi mu Trash. Ikapezeka ku Spam apempheni adine Not spam ndipo asunge adiresi yanu, zimathandiza pa ma imelo otsatira.

Nambala ya oda ija musaipeputse, makampani akuluakulu salipira invoisi yomwe sakutha kuilumikiza ndi oda yawo, ndipo nambala imene iwo amaidziwa ndi yawoyo osati yanu.

Za sipamu tsopano. Siyani zilembo zikuluzikulu mutu wonse, siyani ma !!! ndi URGENT, ndipo chonde musamaike RE: kapena FW: pa imelo yatsopano kuti ioneke ngati munkakambirana kale, ndi machenjerero a anthu a chinyengo amenewo ndipo munthu akazindikira sakukhulupiriraninso. Mukamakumbutsa za ngongole yankhani pa imelo yoyamba ija kuti zonse zikhale pamodzi, koma invoisi yatsopano ikhale ndi imelo yake ndi mutu wake. Ambiri amangodina Reply pa ya mwezi watha nkumata fayilo yatsopano, ndiye mutu ukunena 0412 koma mkati muli 0431, wolandirayo amaona ngati ndi ija analipira kale.

Ndinene zoona, mutu pawokha suthetsa zonse. Ngati mwaukonza koma zikupitabe ku sipamu, yang'anani fayilo, tumizani PDF osati ZIP kapena linki yofupikitsidwa, ndipo lembaniko ziganizo ziwiri zitatu mkati, imelo yopanda mawu yokhala ndi fayilo yokha imakayikitsa. Ngati mumatumiza ndi adiresi ya domeni yanuyanu, dzitumizireni imelo ku akaunti ina ya Gmail, itseguleni pa kompyuta, dinani timadontho titatu tija kenako Show original. Muona SPF, DKIM ndi DMARC, zomwe zimatsimikizira kuti imeloyo yachokeradi ku domeni yanu, pakapanda kulembedwa PASS ndiye kuti vuto lili pa domeni, muuzeni amene anakukonzerani imeloyo akonze zimenezo, chifukwa apo ngakhale mutu ukhale wabwino bwanji ikhoza kugwerabe ku Spam.