Mwezi sudyedwa ndi mthunzi wa dziko

Mayi wina wa ku Ndirande wanditumizira funso ili: "Mwana wanga ali Sitandade 7. Ndinamuuza kuti mwezi umachepa chifukwa dziko limauphimba ndi mthunzi wake. Iye akuti ngati zili choncho, kadamsana ndiye chiyani? Ndasowa chomuyankha."

Amayi, mwanayo wafunsa bwino, ndipo musadandaule, anthu ambiri amaganiza ngati inu. Koma mthunzi wa dziko sukhudzana ndi kukula kapena kuchepa kwa mwezi.

Mwezi ulibe kuwala kwakekwake, umangowalitsidwa ndi dzuwa. Poti ndi wobulungira, nthawi zonse theka lake limakhala pa dzuwa, theka linalo mu mdima. Chimene chimasintha ndi mbali imene ife tikuuonera pamene ukuzungulira dziko. Ukakhala mbali imodzi ndi dzuwa, theka lowala limaloza kwina, ife nkutsala ndi la mdima. Apo ndi pamene timati mwezi uli kumdima. Pakapita masiku awiri kapena atatu umaoneka kachigamba kumadzulo, cha ku Michiru uko, dzuwa litangolowa, anthu nkumati mwezi wakhala. Pakatha pafupifupi milungu iwiri umakhala utafika mbali ina ya dziko, moyang'anizana ndi dzuwa, choncho umatuluka kummawa uli wathunthu dzuwa likamalowa. Ulendo wonse, kuchoka kumdima mpaka kumdima kwina, ndi masiku pafupifupi 29 ndi theka.

Umboni mungauone nokha pakhonde. Kachigamba kaja kamakhala pafupi ndi pamene dzuwa lalowera. Mthunzi wa dziko umagwa mbali yotalikirana ndi dzuwa, ndiye madzulo uli kummawa. Ungaphimbe bwanji mwezi umene uli kumadzulo? Onaninso mwezi ukafika theka: malire a kuwala ndi mdima amakhala owongoka, pamene mthunzi wa dziko ndi wozungulira ndipo sungadule mowongoka chotero.

Usiku magetsi akathima, chitani izi ndi mwanayo. Ikani tochi pa shelefu, ndiyo dzuwa. Mwana agwire lalanje atatambasula mkono, mutu wake ukhale dziko, kenako azitembenuka pang'onopang'ono pamalo pomwepo. Aona kachigamba, theka, kenako lalanje lonse likuwala akafulatira tochi. Koma akafulatira, mutu wake ukhoza kutchinga kuwala, lalanje nkuda. Ameneyo ndiye kadamsana wa mwezi, ndipo nchifukwa chake amachitika pokhapokha mwezi uli wathunthu. Akayang'ana ku tochi lalanje nkutchinga maso ake, ndiye kadamsana wa dzuwa, amene amachitika mwezi uli kumdima basi.

Ndikudziwa chimene afunse kenako: bwanji kadamsana sabwera mwezi uliwonse? Njira ya mwezi ndi yopendekeka ndi madigiri 5 poyerekeza ndi njira imene dziko limayenda pozungulira dzuwa. Zikumveka zochepa, koma mwezi kumwambaku umatenga theka la digiri lokha, ndiye madigiri 5 ndi miyezi khumi mutaindandalika. Miyezi yambiri umadutsa pamwamba kapena pansi pa mthunzi, monga mwana akakweza lalanje pang'ono kupitirira mutu. Dzuwa, dziko ndi mwezi zimakhala pa mzere umodzi nyengo ziwiri zokha pa chaka, motalikirana pafupifupi miyezi isanu ndi umodzi.

Kadamsana wa mwezi amaonedwa ndi aliyense amene kwawo ndi usiku. Mwina mukukumbukira wa pa 27 Julaye 2018, pamene mwezi unafiira kwa ola limodzi ndi mphindi 43, kuyambira cha m'ma 9:30 usiku. Kufiirako si magazi kapena malodza ayi. Mpweya wozungulira dziko umapinda kuwala kofiira kwa dzuwa nkukulowetsa mu mthunzimo, kufiira komwe kuja timaona dzuwa likamalowa.

Wa dzuwa ndi wosowa kwa munthu wokhala malo amodzi. Dzuwa ndi lalikulu kuwirikiza pafupifupi ka 400 kuposa mwezi, komanso lili kutali kuwirikiza pafupifupi ka 400, motero ziwirizi zimaoneka zofanana ndipo mwezi umalitchinga ndendende. Mthunzi wake pofika pansi pano umakhala kanjira kopapatiza. Pa 21 Juni 2001 kanjirako kanadutsa ku Lusaka, kumpoto kwa Zimbabwe ndi ku Mozambique, nkukhudza nsonga ya kummwera kwa Malawi. Kuno ku Blantyre tinali kunja kwake pang'ono, ndiye dzuwa linatsalako kachidutswa.

Kachidutswa koteroko ndi kokwanira kuwononga maso, ndipo simumva kuwawa pamene akupsa. Magalasi akuda a pamsika sateteza, galasi lodetsedwa ndi utsi wa kandulo nalonso ayi. Boolani kabowo pa katoni ndi singano, mufulatire dzuwa, kuwala kudutse pa kabowoko kugwere pa pepala loyera, muone dzuwa lodyeka pa pepalapo. Kadamsana wa mwezi yekha ndiye mwana angamuyang'ane ndi maso mpaka atatopa.