Andipatsa lipoti la konkire kuti ndiliunike lisanapite kwa kasitomala

Funso: Ndimaphunzira uinjiniya wa zomangamanga ndipo ndili pa atachimenti ku kampani ina ku Lilongwe. Abwana andipatsa lipoti la zotsatira zoyeza mphamvu ya konkire ati ndione ngati mayuniti, zizindikiro ndi manambala a m'matebulo akugwirizana. Ndaliwerenga kawiri osapeza kanthu. Kodi ndiziyang'ana chiyani kwenikweni?

Yankho: Simunapeze kanthu chifukwa mwaliwerenga ngati nkhani, kuchoka pamwamba kutsikira pansi. Nambala yolakwika imaoneka yaulemu ngati inzake, maso okha sangaigwire. Sindikizani lipotilo, tengani cholembera chofiira ndi kakyuleta, ndipo pemphani mapepala a ku labu amene anthu oyeza analembapo pamanja. Popanda mapepalawo mungaone kuti manambala awiri akutsutsana, koma simungadziwe kuti woona ndi uti.

Yambirani pa tebulo la makyubu, timabuloko ta konkire timene amaumba n'kutiphwanya pa makina poyeza mphamvu, chifukwa ndi pomwe pagona lipoti lonse. Kyubu imene imagwiritsidwa ntchito kwambiri ndi ya mamilimita 150 mbali zonse, choncho nkhope yake imene makina amapanikiza ndi 150 kuchulukitsa ndi 150, kutanthauza 22 500 mm². Makina amaonetsa mphamvu imene yaphwanya kyubuyo mu kN. Kuti mupeze mphamvu ya konkire mumachita chonchi:

```
mphamvu (N/mm²) = kN × 1000 ÷ 22 500
641 × 1000 ÷ 22 500 = 28.5
```

Werengeraninso mzere uliwonse nokha, musadalire kuti Excel anachita kale. Tiyerekeze kuti makyubu atatu anasweka pa 641, 618 ndi 663 kN. Mukuyenera kupeza 28.5, 27.5 ndi 29.5, ndipo avereji yake ndi 28.5. Tsopano tsegulani tsamba loyamba, pamene pali chidule cha lipoti. Mukapeza kuti palembedwa kuti avereji ndi 29.5, ndiye kuti wolemba anatola nambala ya kyubu yomaliza, kapena tebulo linasinthidwa chidule n'kutsala chakale. Izi zimachitika kawirikawiri, ndipo n'zoopsa chifukwa makasitomala ambiri amawerenga chidule chokhacho. Nambala iliyonse imene ili m'chiganizo iikeni chala, muipeze m'tebulo, kenako muipezenso pa pepala la ku labu. Ikagwirizana m'malo atatu onsewo ndiye muichonge.

Cholakwika chimene ndikufuna muchidziwe bwino ndi cha kukula kwa kyubu. Malabu ena ali ndi zikombole za mamilimita 100, zimene nkhope yake ndi 10 000 mm². Munthu akakokera fomula ya mu Excel kutsika nayo mizere yonse, kyubu yaing'ono imagawidwa ndi 22 500 ngati inzake. Kyubu ya 100 yosweka pa 285 kN mphamvu yake yeniyeni ndi 28.5, koma m'tebulo idzaoneka 12.7, ndipo kontirakitala angauzidwe kugumula ntchito yabwinobwino. Zikatembenuka ndiye zoipa kwambiri: kyubu ya 150 yosweka pa 400 kN ili ndi mphamvu ya 17.8 yokha, koma ikagawidwa ndi 10 000 imatuluka 40, konkire yofooka n'kupambana mayeso.

Mungachigwire bwanji ngati kukula kwa kyubu sikunalembedwe, kapena kunangokoperedwa? Yang'anani kulemera kwake. Konkire wamba amalemera makilogalamu pafupifupi 2 400 pa kyubiki mita imodzi. Ndiye kyubu ya 150 imalemera cha m'ma 8.1 kg, pamene ya 100 imalemera cha m'ma 2.4 kg. Mukaona mzere wolembedwa 150 koma kulemera kwake ndi 2.4 kg, imani pomwepo. Mukawerengera mupeza kuti konkireyo akulemera pafupifupi 711 kg/m³, kutanthauza kuti atamuponya m'madzi angayandame. Palibe konkire wa pa maziko wotero. Chizolowezi chodzifunsa kuti "kodi chinthu chenichenicho chingakhale chonchi?" chimagwira zolakwika zimene kakyuleta sangakuuzeni.

Mukatero bwererani pa chiyambi, ulendo uno muziona mayuniti okha. N/mm² ndi MPa ndi chinthu chimodzi, nambala sisintha, koma sankhani imodzi ikhale m'lipoti lonse kuti kasitomala asaganize kuti ndi miyeso iwiri. Imene imasintha nambala ndi kgf/cm², yopezeka m'mapepala akale ndi pa makina ena: 300 kgf/cm² ndi pafupifupi 29.4 MPa. Zilembo zazikulu ndi zazing'ono si zokongoletsa ayi. MPa ndi mPa zimasiyana maulendo 1 000 000 000, chifukwa M wamkulu ndi mega pamene m wamng'ono ndi mili. Timalemba kN osati KN, kg osati Kg kapena kgs, ndipo pakati pa nambala ndi yuniti timasiya kampata. Gwiritsani ntchito Ctrl+F mu Word, dinani kamuvi ka pambali pa kabokosi kofufuzira n'kusankha Options, chongani Match case, n'kufufuza KN, Mpa, mpa, Kg ndi mm2 mmodzimmodzi. Mutu wa mzati uliwonse wa tebulo ukhale ndi yuniti yake. Mzati wongolembedwa kuti kulemera, mkati muli 8.1 pena 8 100, ndiye kuti wina analemba makilogalamu wina magalamu.

Chenjeraninso ndi mapepala ochokera ku Mozambique kapena ku South Africa, kumene polemba desimo amaika mpatuliro m'malo mwa kadontho. Kwa iwo 2,400 ndi ziwiri ndi zidutswa, pamene ife timawerenga zikwi ziwiri ndi mazana anayi. Excel nayenso nthawi zina amaitenga 28,5 ngati mawu wamba, n'kuidumpha powerengera avereji osakuchenjezani. Muizindikira chifukwa imatsamira kumanzere kwa kabokosi pamene manambala anzake atsamira kumanja.

Pa zizindikiro, chimene chimasokoneza malipoti a konkire ndi kusakaniza malamulo awiri. Mu BS 8110 chizindikiro fcu chimaimira mphamvu ya kyubu, pamene mu Eurocode 2 fck ndi mphamvu ya silinda. Konkire akalembedwa C25/30, 25 ndi ya silinda, 30 ndi ya kyubu. Ndiye ngati tsamba lina likuti konkire wofunika ndi giredi 25, lina likuti C25/30, avereji yathu ija ya 28.5 ili pamwamba pa 25 koma sinafike pa 30. Tengani sipesifikeshoni ya ntchitoyo muone chimene inalamula. Zoti konkireyo walandiridwa kapena ayi zili ndi malamulo ake ndipo agamule ndi injiniya wosainira lipotilo. Yanu ndi kumuonetsa kuti masamba awiri akunena zosiyana.

Masiku nawo awerengeni. Kyubu youmbidwa pa 3 Malichi imakwana masiku 28 pa 31 Malichi. Ngati inaphwanyidwa pa 10 Malichi, ndi ya masiku 7, ndipo siyenera kulowa m'avereji ya masiku 28. Onaninso kuti chiganizo chikati "onani Tebulo 4", Tebulo 4 ndi lomwelodi, ndiponso kuti manambala onse a mzati umodzi ali ndi madesimo ofanana.

Musakonze nambala ya ku labu ndi dzanja lanu, ngakhale mutatsimikiza kuti mukuidziwa yolondola. Lembani pa pepala lapadera tsamba, tebulo, mzere, chimene chalembedwa ndi chimene inu mwapeza, mwachitsanzo: "Tsamba 6, Tebulo 2, kyubu B1: kukula 150 koma kulemera 2.4 kg, chonde a ku labu atsimikize chikombole." Pepalalo perekani kwa abwana. Zikakonzedwa, pemphani kuti muonenso PDF yeniyeni imene ikupita kwa kasitomala, chifukwa nambala imodzi ikasintha avereji, girafu ndi chidule zonse zimayenera kusintha nayo, ndipo pokopera kuchokera mu Excel kupita mu Word ka 2 ka pamwamba pa mm² kamatha kugwa n'kukhala mm2.