Kona ya bedi imagwidwa ndi mzati, bulaketi imangothandizira

"Ndikufuna kupanga bedi lokwera la matabwa loti ndidzalemo mbewu zamasamba, lotalika mamita 2.4. Ndagula kale mabulaketi osachita dzimbiri aja. Kodi mizati ya m'makona ikufunikabe? La mnzanga linayasama m'makona mvula itangogwa, ndiye ndikuopa kutaya matabwa."

Achimwene, mizatiyo ikani ndithu. Bulaketi, kachitsulo kopindika komangira pakona, ndi kabwino, koma masikuluwu ake ndi aafupi chifukwa amangolowa m'thabwa lopyapyala, ndiponso amalowa kufupi ndi kumapeto kwa thabwa kumene limang'aluka msanga. Dothi likanyowa limalemera n'kuyamba kukankha matabwa kuti atuluke kunja. Matabwa nawo amafufuma akanyowa n'kunyala akauma, ndipo nyengo iliyonse timabowo ta masikuluwu timakulirakulira. Ndikukhulupirira kuti bedi la mnzanuyo linayasama motere. Mzati umapatsa sikuluwu yaitali mnofu wokwanira woti ilumemo, bulaketi n'kubwera pamwamba kudzamanga pakamwa pa konayo.

Tiyeni titenge bedi lanu lomwelo. M'litali mamita 2.4, m'lifupi mamita 1.2, msinkhu masentimita 40. M'lifupimo musapyole 1.2, kuti mukaima mbali iliyonse dzanja lizifika pakati osaponda dothi. Mukapeza matabwa a mamilimita 200 m'lifupi ndi 38 kuchindikala, mufunika asanu ndi limodzi a mamita 2.4. Anayi akhale athunthu, awiri mbali iyi awiri mbali inayo. Awiri otsalawo muwadule kuti atuluke anayi aafupi. Apa ambiri amangodula pakati, koma kumbukirani kuti thabwa lalifupi limalowa pakati pa aatali awiri, ndiye chotsani 38 kawiri pa 1200. Lililonse likhale mamilimita 1124, kuti kunja kwa bedi kukwane 1.2 ndendende. Matabwa opyapyala a mamilimita 25 ine sindingakulangizeni pa bedi lotalika chonchi, amapindika ngati uta.

Mizati ikhale ya mamilimita 75 mbali zonse, yotalika masentimita 60. Masentimita 40 adzagwira matabwa, 20 adzalowa pansi. Ya m'makona siifuna kukumbiridwa kwambiri ngati ya mpanda, chifukwa mbali zinayi zikalumikizana zimakokana zokha. Kulowa pansiko n'kongoti bedi lisasunthe pamalo pake.

Musayambe ndi kuzika mizati. Ndinachitapo zimenezo pa bedi langa loyamba, ndipo matabwa atabwera anakana kukumana ndi mizati, wina utapendekera uku wina uko. Yambirani pamalo athyathyathya. Gonekani mizati iwiri pansi, n'kusanjika matabwa awiri aatali pamwamba pake. Mzati usafanane ndi mapeto a thabwa, ulowe m'kati ndi mamilimita 38. Kampata kameneko ndi komwe mutu wa thabwa lalifupi udzakhale. Njira yosavuta yoyezera ndi kutenga kachidutswa kotsala podula kaja n'kukaimika pamenepo. Mukatero mbali ziwiri zazitali zatha, chatsala n'kuziimika n'kulowetsa matabwa aafupi.

Pa masikuluwu olowa mu mzati tengani a mamilimita 75 kapena 80, kuti akadutsa thabwa la 38 theka lawo likhale mu mzati. Awiri kumapeto kulikonse kwa thabwa, imodzi chakumwamba ina chakumunsi, iliyonse itatalikira m'mphepete ndi masentimita atatu kapena anayi. Pamakona onse anayi alowa 32. Boolani kaye thabwa ndi dirilo musanalowetse sikuluwu, makamaka pa matabwa aafupi, chifukwa pamenepo sikuluwu imalowa pafupi kwambiri ndi mapeto ndipo thabwa louma silichedwa kung'aluka. Chinanso, masikuluwu ochokera mbali yaitali ndi ochokera mbali yaifupi amakumana m'kati mwa mzati umodzi. Asiyanitseni msinkhu ndi masentimita awiri kuti asagundane. Misomali isiyeni, thabwa likamafufuma ndi kunyala imazuka yokha pang'onopang'ono.

Musanaike mabulaketi, onani kaye ngati bedi lili sikweya. Kokani tepi kuchokera pakona ina kukafika pakona yopingasana nayo, kenako muyese inayo. Pa bedi la 2.4 ndi 1.2 zonse ziwiri zikhale masentimita 268. Ikakhala ina 271 ina 265, kankhani kona ya mbali yotalikayo mpaka zifanane. Mukamanga mabulaketi bedi lili lopotoka, mwalimangirira kupotokako.

Tsopano mabulaketi anu. Ine ndimawaika kunja, atakumbatira kona, imodzi pa mzere uliwonse wa matabwa, kutanthauza asanu ndi atatu pa bedi lonse. Ndimasankha kunja pa zifukwa ziwiri. Kona ikamafuna kuyasama imayambira kunjako, ndiye chitsulo chili pamalo enieni a vutolo. Komanso kunja sichikhala m'dothi lonyowa chaka chonse, ndipo dzimbiri likayamba mumaliona ndi maso. Koma pali msampha umene ambiri sauona. Mukaima kumbali yaifupi n'kuyang'ana pakona, mamilimita 38 oyambirira si thabwa lalifupi ayi, ndi mutu wa thabwa lalitali, pamene sowo inadutsa. Sikuluwu yolowa kumutu kwa thabwa imatsata mitsempha ya mtengo m'malo moidula, ndiye siluma, ndipo pakapita nthawi mutha kuizula ndi zala. Mabowo a bulaketi amene agwera pamenepo asiyeni opanda kanthu, mugwiritse akutsogolo. N'chifukwa chake bulaketi ya mapiko aafupi, ya mamilimita 40 kapena 50, ilibe ntchito pakona yotere. Imafunika ya mapiko a 90 kapena 100. Ngati amene mwagulawo ndi ang'onoang'ono musawataye, aikeni m'kati, pamene mzati wakumana ndi thabwa.

Pamene bowo la bulaketi layang'anizana ndi mzati, lowetsani sikuluwu yaitali ija kuti igwire chitsulo, thabwa ndi mzati pamodzi, bola isagunde ina imene ili kale m'katimo. Pamene kumbuyo kulibe mzati, ikhale ya mamilimita 30 kapena 35, kuti nsonga isatulukire m'kati n'kudzakubayani dzanja popalira.

Za kusachita dzimbiri, onetsetsani bwino chimene mwagula. Chitsulocho chimatetezedwa ndi zinki wokutidwa pamwamba, koma kakutidwe kake n'kosiyana. Ena amaviikidwa mu zinki wosungunuka, amaoneka otuwa, osawala kwenikweni, okhakhala pang'ono mukawasisita. Amenewo ndiwo a panja. Ena ndi onyezimira, osalala ngati supuni yatsopano, ndipo zinki wake ndi wochepa kwambiri, amayenera m'nyumba. Masikuluwu nawo akhale a panja, oviikidwa mu zinki kapena achitsulo chosagwira dzimbiri. Masikuluwu akuda omangira siling'i aja amadyeka msanga, mutu n'kuthothoka, bulaketi n'kutsala yowala bwino koma isakugwira kanthu. Ngati matabwa anu ndi othiridwa mankhwala, obiriwira aja, nkhaniyi ndi yaikulu zedi, chifukwa mankhwalawo amakhala ndi kopa ndipo kopa pachinyezi amafulumizitsa kudyeka kwa chitsulo wamba. Bulaketi musaidule kapena kuipala, pamene mwachotsa zinki ndi pomwe dzimbiri lidzayambire.

Pali malo ena amene simunafunse koma adzakuvutani kuposa makona, ndiwo pakati pa mbali yaitali. Bedi limeneli limadya dothi lopitirira pang'ono kiyubiki mita imodzi, ndipo dothi la m'munda lochuluka chotero likanyowa limapitirira tani kulemera. Kukankha kwake sikofanana paliponse, kumakula mukamatsika pansi. Pa matabwa awiri osanjikizana, lapansi limasenza magawo atatu mwa anayi a mphamvu yonse, lapamwamba gawo limodzi lokha. Ndipo mukadzafuna kukweza bedi kuchoka pa masentimita 40 kufika pa 80, kukankhako sikuwirikiza kawiri koma kanayi. Thabwa la mamita 2.4 logwidwa kumapeto kokha limatupa mimba pakati, ndipo likamatupa limakoka masikuluwu a m'makona. Makona ambiri oyasama vuto lawo linayambira pakati.

Mankhwala ake ndi mizati ina iwiri, umodzi pakati pa mbali yaitali iliyonse. Mukaiika kunja, izikeni mozama, masentimita 30 kapena 40, kuti matabwa azitsamira pa mzati. Ngati simufuna zotulukira m'njira, ikani m'kati, muimange ku matabwa onse awiri, kenako mulumikize mizati iwiriyo ndi kathabwa kopingasa bedi chakumunsi, m'kati mwa dothi. Mbali ina ikamafuna kutuluka, inzake imaikoka. Kathabwako kali m'dothi ndiye kamayamba kuola ndi iko, choncho amene angapeze ndodo yachitsulo ya mazinga yokutidwa zinki, yokhala ndi nati kumapeto konse, achita bwino koposa.

Mukamaliza, nyamulani bedi ndi munthu wina, muliike pamalo pake kuti mizati isiye zizindikiro, mukumbe maenje, mulitsitsiremo. Ikani levulo pamwamba pa matabwa mbali zonse. Pamene pakwera kumbani, osati kutsamiritsa mbali yotsika pa timiyala, chifukwa mpata ukatsala pansi dothi lizidzatuluka ndi madzi. Bedi lopendekeka limasonkhanitsa madzi mbali imodzi, ndipo kona ya kumeneko ndi imene imayamba kuola.

M'kati mwa matabwa mutha kukhomamo pulasitiki yochindikala kuti dothi lisamakhudze thabwa, koma m'mbali mokha. Pansi pasiyeni potsegula kuti madzi azitsika. Oyilo wakutha wa galimoto musapake ngakhale kuli chiswe, muli kudzala zakudya mmenemo. Matabwa akale onunkha phula, monga a njanji, nawonso asalowe.

Pothira dothi, thirani masentimita 10 kapena 15, mwazani madzi, kenako onjezerani. Musalipondeponde ndi mapazi kapena kulisinja, mungowonjezera kukankha pa matabwa n'kutseka mpweya wa mizu. Lidzatsika lokha m'masabata oyamba, mudzawonjezere manyowa pamwamba.

Mvula yamphamvu yoyamba ikadutsa, kaliyendereni. Kokani chingwe kuchokera pakona kufika pakona pamwamba pa bedi, motsata mbali yaitali, muone ngati pakati patuluka pa mzere. Sentimita imodzi si yodetsa nkhawa, koma zikapitirira ziwiri kapena zitatu mzati wapakati sukugwira. Yang'anani pakona ngati payamba mpata wolowa chala kapena dothi likusefukira. Yesani sikuluwu iliyonse ndi sikuludiraiva. Yongozungulira osalimba yataya pogwira, ichotseni, muboole pena pafupi, mulowetse ina. Mukaona mzere wakuda kapena wofiirira ukutsika kuchokera pamutu wa sikuluwu, imeneyo yayamba kudyeka, isintheni mutu wake usanathothoke, chifukwa ikathyokera m'kati mwa mzati kuichotsa kwake n'kovuta.