Dashibodi yochedwa kutseguka ku Dedza

Funso: Ndimasunga deta ku bungwe lina la alimi pa boma pa Dedza. Dashibodi yathu ya Tableau ili ndi matchati 14, imakoka deta pa seva ya ku Lilongwe, ndipo imatha mphindi ziwiri isanatseguke. Ndikasintha dera kuchoka Lobi kupita Linthipe, kudikiranso. Ndipemphe laputopu ina?

Yankho: Musafulumire kupempha, achimwene. Yambani mwaona kumene nthawi ikuthera. Pitani pa Help, kenako Settings and Performance, musankhe Start Performance Recording. Tsegulani dashibodiyo, sinthani dera kamodzi, muimitse. Pa lipoti limene lituluke, mizere yaitali ikakhala ya Executing Query, ndiye kuti makina anu angokhala kudikira seva, ndipo laputopu yatsopano idzadikiranso chimodzimodzi.

Tchati chilichonse chimatumiza funso lakelake ku seva. Masefa nawonso amafunsa, makamaka amene munawaika pa Only Relevant Values. Mukangodina Linthipe, zonsezo zimanyamukanso ulendo wa ku Lilongwe pa netiweki yathu yodukadukayi.

Choncho sinthani kuchoka pa Live kupita pa Extract. Tableau idzasunga kope la detayo mu fayilo ya .hyper pa laputopu panu, mafunso aziyankhidwa pompo. Koma musakope chilichonse. Dinani Hide All Unused Fields kuti mayina ndi manambala a foni a alimi atsale, chomwenso n'chabwino laputopu itabedwa. Kenako chongani Aggregate data for visible dimensions, ndipo pa Roll up dates to musankhe Month. Tiyerekeze kuti mumalemba thumba lililonse la kachewere kapena soya limene lagulidwa, pamene akuluakulu amangofuna za pamwezi. Miyezi 36, madera 10 ndi mbewu 5 sizingapitirire mizere 1,800, ngakhale m'seva muli mazanamazana.

Pali zoti musamale. Mukaphatikiza chonchi simungathenso kufufuza mlimi mmodzi, ndipo chiwerengero cha alimi cha pachaka chikhoza kufufuma, poti amene wagulitsa mu Meyi ndi mu Juni amawerengedwa kawiri. Komanso kopelo silidziwa za lero mpaka mutalitsitsimutsa. Incremental refresh imathamanga chifukwa imangotenga mizere yatsopano, koma mlangizi akakonza kulemera kumene analakwitsa chaka chatha, siziona, ndiponso siyipezeka mukachonga Aggregate data for visible dimensions. Muzipanga full refresh mlungu uliwonse, ndipo tsiku lake lizioneka pa dashibodi.

Matchati 14 ndi ambiri, ndipo apa Extract sikuthandizani, chifukwa kujambula kumachitika pa makina anu. Siyani anayi amene amakambidwa pa msonkhano, otsalawo apite pa tsamba lachiwiri. Mapu a munda uliwonse ndi amene ndimawakayikira kwambiri. Tsegulani tchati chakecho, muone pansi kumanzere pamene palembedwa marks. Zikafika masauzande, jambulani za dera m'malo mwa za munda. Pa masefa osankha zinthu zingapo yatsani Show Apply Button, kuti funso lipite kamodzi munthu akamaliza kuchonga. Mukatero jambulaninso lipoti lija mufananize ndi loyamba.