Mwana wa chikhakha m'kalasi: ndondomeko yake ilembedwe bwanji?

"Ndimaphunzitsa Sitandade 6. Mtsikana wina anagwa mumtengo wa mango n'kuthyoka mkono wamanja, umene amalembera. Anamuika chikhakha koma akubwerabe kusukulu. Ahedi akuti ndimulembere ndondomeko yakeyake. Ndiyambire pati?"

Aphunzitsi, musanagwire cholembera itanani kholo libwere ndi buku la kuchipatala la mwanayo. Mukufunamo zinthu ziwiri: tsiku limene anauzidwa kuti abwerere kuchipatala, ndi zimene adokotala analetsa. Mkono wa mwana nthawi zambiri umakhala m'chikhakha masabata 4 mpaka 6, koma inu lembani tsiku la m'bukumo, osati longoganizira. Tsikulo ndilonso mudzaunike ndondomekoyo.

Tsamba limodzi likwana. Mfundo yanga ndi iyi: chathyoka ndi mkono, mutu uli bwinobwino. Sinthani njira yochitira ntchito, koma musamuchotsere phunziro. Ine ndinalakwitsapo apa. Ndinamvera chisoni mnyamata wina, ndikumangoti "iwe ingokhala, uzimvetsera." Patatha mwezi mkono unapola, koma masamu ogawa anali atamudutsa, ndipo zinandiwawa chifukwa wolakwa ndinali ine.

Choncho lembani phunziro lililonse pamzere wake, ndi dzina la wochita ntchitoyo. Pa masamu, anzake akamachita mafunso 10, iye achite 4 amene mwasankha kuti akhudze mfundo yonse, azinena mayankho pakamwa, mnzake azilemba. Mnzakeyo alembe zimene wamva basi, asakonze; mukaona kuti mwana wayamba kukhoza zonse mwadzidzidzi, dziwani kuti wolembayo ndiye akuyankha. Zolemba za pabolodi agawane ana atatu mosinthana masiku, chifukwa mmodzi yekha amatopa sabata isanathe. Kulemba ndi dzanja lamanzere ayesere ngati akufuna, koma musachotse malikisi chifukwa cha zilembo zokhotakhota.

Ngozi yeniyeni ili pa desiki yothithikana ndi pakhomo nthawi yopuma. Mukhazikeni kumapeto kwa desiki, mkono wovulalawo ukhale kumene kulibe munthu, ndipo azituluka anzake asanayambe kukankhana. Mpira, fulaye ndi kukolopa aleke kaye. Chikhakha chisanyowe, ndiye tsiku lamvula achikulunge ndi jumbo pobwera.

Pansi pa tsambalo lembani zizindikiro zotumizira mwana kuchipatala tsiku lomwelo: zala kutupa, kuzizira, kuchita dzanzi kapena kusintha mtundu, ululu kumangokulirakulira, kapena chikhakha kutulutsa fungo. M'mawa uliwonse muuzeni agwedeze zala inu mukuona.

Chikhakha chikachoka ndondomeko isathere pomwepo. Mkono umatuluka wowonda ndi wouma, sulimba kulemba nthawi yaitali. Ayambe ndi mphindi 10 n'kupuma, muziwonjezera pang'onopang'ono, ndipo za masewera adikire mawu a adokotala. Musainire inu, kholo ndi ahedi, kope limodzi lipite kunyumba, lina likhale patebulo panu kuti wokugwirirani kalasi mukachokapo alipeze.