Nyumba ya azakhali papepala ndi pakompyuta

"Mwana wa achimwene, nyumba ndinajambula papepala ija mnyamata wina wandikonzera pakompyuta. Yakongola, koma ikuoneka ngati si yanga. Ndiwapatse amisiri?"

Zakhali, mwaswera bwanji? Zonse ziwiri ndaziona, pepala lanu ndi chithunzicho. Musawapatse kaye.

Tiyambe ndi makoma. Inu khoma mwalijambula ndi mzere umodzi wa bolopeni, koma khoma lenileni limadya malo. La kunja, la njerwa zootcha zogundiza ziwiri, limakwana masentimita 23. La m'kati, la njerwa imodzi, pafupifupi 12. Ndiye kumbuyo kuja mwalemba mamita 9, zipinda zitatu, chilichonse mamita 3. Sizingatheke zonse pamodzi. Makoma awiri a kunja ndi awiri a m'kati atenga masentimita 70, ndipo mukagawa zotsalazo chipinda chilichonse chikubwera mamita 2 ndi masentimita 77, pulasitala asanapake. Mnyamatayo sanakufunseni kuti mukufuna chiti, kukulitsa nyumba kapena kuchepetsa zipinda. Wangosankha yekha. Ndayerekeza ndi chitseko, ndipo zikuoneka kuti chipinda chapakati ndi chimene wachipanikiza. Bedi wayikamoyo ndi wamng'ono, n'chifukwa chake maso sakudandaula.

Denga ndiye ndaseka, pepani. Pepala lanu likuonetsa nyumba ngati munthu akuisuzumira kuchokera kumwamba, za denga simunanenepo kanthu. Iye sakanasiya nyumba yosafolera, ndiye wapeka lotsetsereka mbali zinayi. N'lokongola, eya, koma malata a m'makona amadulidwa mopingasa, zidutswa zambiri zimatayika, matabwa ndi zotsekera pamsonga zimachuluka. Inu munkanena la mbali ziwiri, ngati la kwa agogo. Mawindo aakulu agalasiwo, matailosi a pakhonde, kapinga, zonsezo ndi zake.

Koma chandiwawa ndi zimene wafufuta. Kamuvi munalemba kuti "madzi amadzera uku" kaja palibe. Mtengo wa mango palibe. Iye anaona ngati ndi zokhwatchakhwatcha, pomwe ndi zimene zinakuchititsani kuika khitchini ndi khomo lake mbali inayo. Pachithunzipo bwalo lili see ngati tebulo, chikhalirecho malo aja ndi otsetsereka, ndipo maziko a kumunsi adzafuna njerwa zambiri.

Chitani chonchi. Mnyamatayo mumutengere pepala lanu lomwelo, muliyike pambali pa chithunzicho, muwerenge naye zitseko ndi mawindo chimodzichimodzi. Chilichonse chimene sichili papepala mumufunse kuti, "Ichi wachitenga kuti?" Kenako akupatseni pulani yoonera kumwamba, yolembedwa miyeso ya m'kati mwa chipinda chilichonse ndi kunenepa kwa makoma. Amisiri amagwira tepi ndi chingwe potsatira manambala amenewo. Ikatuluka munditumizire ndiione musanagule ngakhale thumba limodzi la simenti. Pepala lanulo musataye, mulijambulenso powala, pakona ya kumanzere sipakuoneka bwino.